Maketi oda, limiti oda ndi sitopu oda: mtengo uli pa sikirini si umene mugulire

Sabata yathayi alamu anga aja amagwira ya ulonda ku Randburg anandipeza kunyumba ku Rosettenville nkhope itagwa, foni ili m'manja. Akuti alamu taonani, anthuwa andibera. Anasunga kandalama kwa miyezi ingapo, anatsegula akaunti ya masheya pa foni, anaona kakampani kena kakang'ono pa JSE, msika wa masheya wa kuno ku Joni, mtengo ukuoneka R12.30, anawerengera bwinobwino kuti masheya 800 akwana R9 840, anadina kugula. Risiti itabwera ikunena R10 345, zolipira za buloka, kampani imene imakugulirani masheya pa msika, zisanalowemo. Ine kuyang'ana ndinaona kuti palibe wawabera, angoti anagula ndi maketi oda pa sheya yomwe anthu sagulitsana kwambiri. Ndiye ndati ndilembe zimene ndinawafotokozera usiku umenewo, chifukwa ambiri a ife kuno ku Joni tayamba kuika tindalama m'masheya koma batani loyamba lomwe timadina sitilidziwa kuti likunena chani.

Tiyambe ndi namba ija ya R12.30. Namba yaikulu imene apu imakuonetsani pamwamba si mtengo wogulira ayi, ndi mtengo umene anthu awiri ena anagulitsirana komaliza. Mwina zinachitika mphindi yapitayo, mwina dzulo masana ngati sheyayo ndi yogona. Komanso mitengo yaulere ya JSE yomwe timaiona pa intaneti nthawi zambiri imakhala yochedwa ndi mphindi 15. Ndiye ili ngati munthu wakuuzani kuti dzana anagula ndowa ya mbatatesi pa Lizulu mtengo wakutiwakuti, inu n'kunyamuka ndi ndalama yeniyeniyo, kukafika n'kupeza amayi amene anamugulitsa aja anapita kale, otsalawo akutchula zina.

Mtengo weniweni uli mu buku la maoda. Mbali imodzi muli anthu ofuna kugula ndi mitengo yomwe akulolera kupereka, pa sikirini amalemba `Bid`. Mbali inayo muli ofuna kugulitsa, amalemba `Offer` kapena `Ask`. Sheya ya alamu ija buku lake linkaoneka chonchi, ndipo dziwani kuti JSE imalemba mitengo m'masenti, ndiye 1250 ndi R12.50:

```
Qty   Bid  |  Offer   Qty
400  1210  |  1250    200
600  1190  |  1275    300
1000 1150  |  1340    500
```

Taonani kaye. R12.30 ija mulibemo m'bukumu. Wogulitsa wotchipa kwambiri akufuna R12.50 ndipo ali ndi masheya 200 okha, wogula wolimba mtima kwambiri akupereka R12.10. Mpata wa masenti 40 pakatipo ndi umene amati sipuredi, ndipo ndi msonkho wobisika umene aliyense wothamanga amalipira.

Tsono maketi oda, pa sikirini `Market`, tanthauzo lake n'lakuti ndigulireni pompano, mtengo uliwonse umene ulipo. Muli ngati mwatuma mwana kumsika kuti ukabwere ndi matumba 8 a chimanga basi, osamuuza malire a mtengo. Mwanayo ndi womvera, ayamba ndi wotchipa, akatha apita kwa wotsatira, mpaka matumba akwane. Ndi zimene zinachitika. Masheya 200 oyamba anagulidwa pa R12.50, ndi R2 500. Ena 300 pa R12.75, ndi R3 825. Atsala 300, ndipo wogulitsa wotsatira akufuna R13.40, kompyuta sifunsa kuti kodi bwana mukuvomera, yangotenga, R4 020. Zonse pamodzi R10 345, kutanthauza kuti sheya iliyonse yagwera pafupifupi R12.93. Kusiyana ndi zimene alamu anawerengera ndi R505. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa boma wa 0.25 peresenti umene wogula masheya amalipira kuno ku Sausafirika, apa ndi R25.86, kenako komishoni ya buloka ndi tina ting'onoting'ono.

Chomwe chinawawawa kwambiri alamu ndi pamene ndinawaonetsa kuti akanati atembenuke nthawi yomweyo kugulitsanso ndi maketi oda, akanapeza 400 pa R12.10 ndi 400 pa R11.90, zonse R9 600. R745 yapita kampani isanachite cholakwika chilichonse, nkhani yoipa isanatuluke, kungolowa pakhomo n'kutulukanso.

Musandimve molakwa, maketi oda si yoipa. Ine ndimaigwiritsa ntchito. Pa masheya akuluakulu ngati a Standard Bank, MTN, Shoprite kapena Sasol, mkati mwa tsiku buku limakhala lodzaza, ogula ndi ogulitsa ali mbwee ndipo sipuredi imakhala kachidutswa kakang'ono kwambiri ka mtengo. Kaoda kanu ka R2 000 kamangomira ngati kamwala mu nyanja ya Malawi, simusuntha kanthu. Chimene maketi oda imakupatsani ndi chitsimikizo choti mugula kapena mugulitsa, bola mbali inayo kukhale munthu. Chimene sikupatsani ndi mtengo. Imaluma pa masheya ogona ngati a alamu, komanso pa nthawi yolakwika.

Za nthawizi ndinenepo pang'ono chifukwa ife ambiri timadina mafoni usiku tikaweruka. JSE, yomwe ili ku Sandton, imagulitsa masheya mosalekeza kuyambira 09:00 mpaka 16:50, Lolemba mpaka Lachisanu. Kuyambira 08:30 mpaka 09:00 kumakhala okushoni yotsegulira, maoda amangolowa osagulana, kenako kompyuta imapeza mtengo umodzi umene masheya ochuluka angasinthane manja, umenewo ndi mtengo wotsegulira. Madzulo 16:50 mpaka 17:00 kulinso okushoni yotsekera. Ndiye mukaika maketi oda 21:00 muli pabedi, sigula usiku umenewo, imadikira m'mawa, ndipo mtengo umene mudzapeze ndi wa m'mawawo, osati umene munauona. Usiku umenewo ku Amerika msika unali ukuyendabe, randi yasuntha, mwina kampani yatulutsa chilengezo pa SENS, pomwe makampani a pa JSE amalengezera nkhani zawo, msika usanatsegulidwe. Mwasaina pepala lopanda namba n'kukagona.

Limiti oda, pa sikirini `Limit`, ndi mwana yemwe uja koma tsopano mwamuuza kuti usapitirire mtengo wakuti. Pogula, limiti ndi denga, mulipira mtengo umenewo kapena wotsikirapo. Pogulitsa ndi pansi, mulandira mtengo umenewo kapena wokwererapo. Tiyeni tibwerere ku buku lija. Alamu akanaika limiti ya R12.75 pa masheya 800, akanatenga 200 pa R12.50, onani kuti kompyuta imakupatsani wotchipayo ngakhale munalolera R12.75, kenako 300 pa R12.75, basi n'kuima. Masheya 500 pa R6 325, iliyonse R12.65. Otsala 300 aja sathawa, amalowa m'buku mbali ya ogula pa 1275, inu mwasanduka wogula woyamba pa mzere, mukudikira wogulitsa abwere kwa inu.

Apa ndi pamene pali phindu ndi vuto lake pamodzi. Mtengo mwaugwira, koma palibe wakulonjezani kuti mugula. Mutha kupeza zonse, theka, kapena osapeza kanthu. Alamu anandifunsa kuti nanga bwanji osangoika R12.10 kuti nditchipitse? Mutha kutero, koma pa R12.10 pali kale munthu wa masheya 400 anafika inu musanafike. Lamulo la buku ndi mtengo kaye kenako nthawi, wopereka zambiri amayamba, ndipo opereka mtengo wofanana amatsata amene anafika poyamba, ngati pa mzere wa mataksi pa Bree paja. Ndiye mutha kuona pa sikirini kuti sheya yagulitsidwa pa R12.10, mtengo wanu weniweni, koma inu simunapeze olo imodzi, n'kuyamba kutukwana apu. Sikuti yawonongeka, masheya amene anabwerawo anathera kwa amene ali patsogolo panu. Kachenjerero kake n'koti muike R12.11, senti imodzi yokha imakudumphitsani mzere wonse wa pa R12.10.

Koma ndinawauzanso kuti kuumira kumeneku kuli ndi mtengo wake. Ngati mwaiwerenga kampani ndipo mukufuna kuisunga zaka zisanu, kulimbana ndi masenti 20 mpaka sheya n'kukwera kufika R15 inu mukadali pa mzere wa R12.11, mwapulumutsa chani? Ine pa sheya yogona ndimakonda kuika limiti pa mtengo wa wogulitsa woyamba kapena pamwamba pake pang'ono. Imagula nthawi yomweyo ngati maketi oda, koma ili ndi buleki. Kwa munthu wongoyamba, ndikuona kuti chizolowezi chimenechi chokha chimachotsa mavuto ambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapweteka anthu pa limiti. Choyamba ndi nthawi imene oda ikhale yamoyo. Pena mumasankha kuti ithe tsiku lomwelo, pena mpaka deti lakuti, pena mpaka mutaifafaniza nokha, ndipo buloka aliyense ali ndi malire ake. Oda yaitaliyo anthu amaiwala. Mwaika kugula pa R12.11, padutsa masabata atatu, masana ena kampani yalengeza kuti phindu latsika kwambiri, ogulitsa akuthamanga, ndipo woyamba kumugwera ndi inu amene mwaima pakhomo ndi ndalama m'manja. Mwagula pa R12.11 sheya imene pofika madzulo ili pa R10. Limiti yachita ndendende zimene munaituma, kungoti munaituma nkhani isanasinthe. Komanso oda ikamagulidwa zidutswazidutswa masiku osiyana, mabuloka ena amene ali ndi komishoni yochepetsetsa amakudulani tsiku lililonse, ndiye funsani kaye wanuyo. Chachiwiri ndi masenti aja. Maapu ena amafuna mulembe 1275, ena 12.75. Mukalemba 12.75 pamene akufuna masenti mwapereka masenti 12 kapena 13, oda ikanidwa kapena ingokhala osagula. Mukalemba 1275 pamene akufuna marandi mwachotsa denga lonse, limiti yanu yasanduka maketi oda yovala jekete. Werengani ndalama yonse imene apu ikuonetsa musanatsimikize.

Tsopano sitopu, imene anthu amaimva molakwika kuposa zonse. Pa sikirini mupeza `Stop` kapena `Stop loss`. Alamu atamva dzina lokhalo maso anawala, akuti ndiye kuti sindingaluze eti? Ndinati alamu khalani pansi.

Sitopu si oda imene ili m'buku kuti anthu aione. Ndi msampha wotchera. Imagona osachita kanthu mpaka mtengo utafika pamene mwatchulapo, ikafwamphuka imasanduka maketi oda. Mawu amenewa agwireni, imasanduka maketi oda, ndi matenda onse a maketi oda aja. Tinene kuti alamu ali ndi masheya awo 800 ndipo akuti ikatsika kufika R11.50 ndituluke. Tsiku labwinobwino mtengo ukutsika pang'onopang'ono, R11.90, R11.70, R11.50, msampha wafwamphuka, masheya agulitsidwa kwa ogula amene ali m'buku nthawi imeneyo, mwina pa R11.50, mwina R11.40 ndi R11.30. Apa yagwira ntchito yake, makamaka kwa munthu amene ali pa shifiti ya maola 12 foni ili mu loka.

Koma mtengo suyenda ngati munthu wotsika masitepe nthawi zonse, pena umalumpha. Sheya yatseka Lachiwiri pa R12.00. Lachitatu m'mawa msika usanatsegulidwe chilengezo choipa chatuluka, okushoni yotsegulira yapeza mtengo pa R9.00. Palibe amene anagulitsapo pa R11.50, mtengowo unangodumphidwa. Sitopu yanu ikuona kuti tadutsa kale, yafwamphuka, yagulitsa cha m'ma R9.00 kapena kutsikirapo. Mumayembekezera R9 200, mwalandira R7 200 kapena yocheperapo. Izi si nthano. Mu Disembala 2017 Steinhoff, imene inali imodzi mwa makampani akuluakulu pa JSE, inalengeza msika utatsekedwa kuti pali zokayikitsa m'mabuku ake a ndalama ndipo mkulu wake Markus Jooste watula pansi udindo. Pa 6 Disembala sheyayo inataya kuposa theka la mtengo wake tsiku limodzi. Sitopu yoikidwa 10 peresenti pansi pa mtengo wa dzulo lake sikanatha kugulitsa pa mtengo umenewo, chifukwa ogula pamenepo kunalibe. JSE imatha kuimitsa sheya kwa mphindi zochepa n'kuilowetsa mu okushoni ikalumpha kwambiri, koma zimenezo zimangopatsa anthu mpata wopuma, sizibweza mtengo.

Ndiye anapanga mtundu wina, `Stop limit`. Apa mumalemba manamba awiri, wofwamphula msampha ndi malire. Mwachitsanzo sitopu R11.50, limiti R11.20. Ikafwamphuka imasanduka limiti oda, sigulitsa pansi pa R11.20. Zikumveka bwino, koma bwererani ku Lachitatu lija. Msika watsegula pa R9.00, oda yanu yaima pa R11.20 ngati munthu wodikira basi imene inadutsa kale, simunagulitse olo imodzi, ndipo ngati mawa ifika R6 mukadali nayo. Ndiye kusankha n'komweko kwa poyamba paja, kutuluka motsimikiza pa mtengo wosadziwika, kapena kugwira mtengo osatsimikiza kutuluka. Palibe batani limene limapereka zonse ziwiri.

Vuto lina la sitopu limaoneka tsiku lililonse, osati pa ngozi pokha. Pa sheya ya alamu ija sipuredi yokha ndi masenti 40. Mukaika sitopu pafupi, tinene R12.00, zimangotengera munthu mmodzi wofuna ndalama ya lendi kugulitsa masheya 500, atenga 400 a pa R12.10 ndi 100 a pa R11.90, mtengo womaliza wasanduka R11.90, msampha wanu wafwamphuka. Masheya anu 800 agwera m'buku lomwe latsala, 500 pa R11.90 ndi 300 pa R11.50, zonse R9 400. Mawa lake sheya yabwerera pa R12.40 ngati palibe chachitika, inu muli panja, mwalipira komishoni kawiri. Mudziwa kuti sitopu yanu ili pafupi kwambiri poyang'ana mmene sheyayo imayendera pa tsiku wamba, onani `High` ndi `Low` za masabata angapo apitawa. Ngati imakwera ndi kutsika masenti 50 popanda nkhani iliyonse, sitopu ya masenti 30 ndi kungopereka ndalama. Funsaninso buloka wanu kuti chimafwamphula msampha n'chiyani, mtengo womaliza kugulitsidwa kapena mtengo wa wogula woyamba m'buku, chifukwa amasiyana. Ndipo maapu ena otchipa sitopu alibe n'komwe, kapena amangokutumizirani uthenga kuti mtengo wafika, kugulitsa n'kwanu.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndachionapo kangapo ndipo chimawawa chifukwa munthu amakhala akuyesa kudziteteza. Akufuna kutuluka mtengo ukatsika kufika R11.50, koma m'malo mwa sitopu wasankha limiti yogulitsa pa R11.50. Kumbukirani, limiti yogulitsa ikunena kuti ndilandira R11.50 kapena kuposerapo. M'buku muli ogula pa R12.10 ndi R11.90, onsewo aposa R11.50, ndiye kompyuta ikugulitsa nthawi yomweyo, masheya onse 800 apita pa R9 600 munthu asanatseke n'komwe apu. Njira yokumbukira ndi iyi, pogulitsa, limiti yodikira imakhala pamwamba pa mtengo wa lero, sitopu imakhala pansi. Pogula n'zotembenuza, limiti yodikira ili pansi, sitopu ili pamwamba. Inde iliponso sitopu yogulira, ya anthu amene amati ndigula pokhapokha ikadutsa R14 chifukwa ndiye kuti yayamba kuthamanga. Imeneyo ndi ya ochita geni ya tsiku ndi tsiku, wongoyamba musavutike nayo.

Maganizo anga pa sitopu, ndipo ena atsutsa, n'ngoti munthu amene akugula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kuti asunge zaka zambiri saifuna kwenikweni. Amene anali ndi masitopu mu Malichi 2020 nthawi ya korona anatulutsidwa mitengo ili pansi, ndipo msika unadzabwerera iwo ali panja. Chitetezo chenicheni cha munthu wotere ndi kusaika ndalama zonse mu kampani imodzi, komanso kusaika ndalama ya lendi kapena yotumiza kumudzi. Paja ngakhale mutagulitsa lero, pa JSE malonda amamalizika patatha masiku atatu ogwira ntchito, ndiye si ndalama yoti mungaidalire pa maliro a mawa. Sitopu imathandiza amene walowa mu sheya imodzi ndi pulani ya miyezi yochepa ndipo wadziuza kale kuti ndikaluza mwakuti ndituluka.

Alamu sanagulitse. Tinatsegula buku limodzi m'mawa wa Lachisanu cha m'ma 10, nthawi imene msika wakhazikika, ndipo kandalama kamene kanatsala anati akufuna awonjezere masheya 100. Wogulitsa woyamba anali pa 1255 ndi masheya 150. Analemba limiti 1255, ya tsiku lomwelo, anawerenga kawiri kuti ikunena R1 255, n'kudina. Inagula pompo. Kenako anandifunsa ngati buku lomweli limaonekanso pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ndinati alamu imeneyo tidzakambe tsiku lina, nsima ikuzizira.